Mimba yaikulu, shuga, BP ndi kuchepa kwa mphamvu za abambo: mafunso ndi mayankho kwa a kwathu okhala ku Joni

Ndimagwira ntchito ya chipatala muno mu Johannesburg, ndipo abambo a kwathu akamva kuti ndine Mmalawi amandikokera pambali. Nkhani imayamba ndi mutu kapena msana, kenako mawu amatsika: "Achimwene, kunyumba zinthu sizikuyenda." Nthawi zambiri munthu akamanena zimenezi, lamba wake amakhala atabisika pansi pa mimba. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ndimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga momwe ndikanamuyankhira mbale wanga.

Kodi mimba ikukhudzana bwanji ndi za kuchipinda? Si zinthu ziwiri zosiyana?

Ayi, n'zolumikizana, ndipo njira zake ndi ziwiri.

Yoyamba ndi ya magazi. Chida cha abambo chimadzuka chifukwa mitsempha yake imatakasuka n'kulola magazi ambiri kulowa nthawi imodzi. Khungu lopyapyala la m'kati mwa mtsempha ndi lomwe limatulutsa mankhwala otakasula mtsemphawo. Shuga wokwera, BP yokwera, mafuta ambiri m'magazi ndi fodya zimawononga khungu limeneli pang'onopang'ono. Likawonongeka, chilakolako chimatha kukhalapo ndithu koma chida chimadzuka mwa theka, kapena chimagona ntchito ili pakati.

Yachiwiri ndi ya tesitositeroni, homoni ya amuna yomwe imapangidwa m'machende molamulidwa ndi ubongo. Mafuta a m'mimba si katundu wongokhala ngati thumba la chimanga pakona. Amagwira ntchito. M'mafutamo muli chinthu chotchedwa aromatezi chomwe chimasandutsa tesitositeroni kukhala esitirojeni, homoni yomwe imachuluka mwa amayi. Mafutawo amatulutsanso zinthu zina zofooketsa mbali ya ubongo yomwe imalamula machende kuti agwire ntchito. Ndiye homoni yopangidwa kale ikuchepetsedwa, kwinaku lamulo loti ipangidwe ina likufooka. Choipa kwambiri n'chakuti tesitositeroni ikachepa, minofu imachepa, munthu amatopa msanga, ndipo mafuta atsopano amakakhazikika pamimba pomwepo. Mimba ikuchepetsa homoni, kuchepa kwa homoni kukukuza mimba.

Kwathu tinazolowera kuti mimba ndi chizindikiro choti munthu zikumuyendera. Munthu ukatsika basi kuchokera ku Joni mu Disembala uli ndi mimba, abale amati wadya bwino. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndimaona zotsatira zake zaka zisanu kutsogolo.

Ndidziwa bwanji kuti mimba yanga yapitirira muyezo?

Musadalire sikelo yokha, komanso musadalire saizi ya thalauzi. Abambo ambiri amamanga lamba pansi pa mimba, ndiye amati "ndimavala 38" pomwe mimba yeniyeni ili pamwamba pa lambayo.

Bwerekani tepi kwa telala. Imirirani, vulani malaya, pezani nthiti yomaliza m'mbali, pezaninso nsonga ya fupa la m'chiuno. Tepi idutse pakati pa ziwirizi, komwe nthawi zambiri kumakhala pafupi ndi mchombo. Musakoke mimba m'kati. Tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, kenako werengani. Tepi ikhudze khungu koma isalowe m'thupi.

Kwa mwamuna, kuyambira masentimita 94 ngozi yayamba, ndipo kuyambira 102 ngoziyo ndi yaikulu. Njira ina yosavuta kukumbukira ndi iyi: kuzungulira kwa mimba kusapose theka la msinkhu wanu. Ngati ndinu wamtali masentimita 170, mimba isapitirire 85. Ngakhale opanda tepi mutha kuyesa. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuona ngati chikuzungulira mimba. Chikakanika kukumana, mafuta achuluka.

Pali abambo ena oonda manja ndi miyendo koma mimba yokha ili patsogolo. Amenewa asadzinamize kuti si onenepa. Mafuta oopsa ndi omwe ali m'kati, ozinga matumbo ndi chiwindi, osati a m'matako kapena m'ntchafu.

Adokotala anandiuza kuti ndili ndi metaboliki sindiromu. Ndi matenda anji amenewa?

Ndi dzina la mavuto asanu omwe amakonda kuyendera limodzi. Munthu akapezeka ndi atatu mwa asanuwo, amapatsidwa dzina limeneli. Loyamba ndi mimba yopitirira muyezo. Lachiwiri ndi BP ya 130/85 kapena kuposa, kapena ngati mukumwa kale mankhwala a BP. Lachitatu ndi shuga wa m'mawa musanadye wofika 5.6 mmol/L kapena kuposa. Lachinayi ndi mafuta a m'magazi omwe papepala la zotsatira amalembedwa kuti triglycerides, akafika 1.7 kapena kuposa. Lachisanu ndi kuchepa kwa kolesitero wabwino, yemwe amalembedwa kuti HDL, akakhala pansi pa 1.0 kwa mwamuna.

Muzu wake ndi umodzi: thupi lasiya kumvera insulini, homoni yomwe imalowetsa shuga m'minofu. Thupi limayamba kupanga insulini wambiri kuti likakamize, ndipo kwa zaka zingapo shuga amaoneka ngati wakwera pang'ono chabe. Matenda a shuga enieni amayambira pa 7.0 musanadye, ndiye munthu wa 6.2 amauzidwa kuti "mulibe shuga" n'kupita kunyumba ali wosangalala. Koma mitsempha yake yayamba kale kuwonongeka. Ichi n'chifukwa chake ndimapempha aliyense kuti azifunsa nambala yeniyeni, aziilemba, osangomva kuti "zili bwino."

Palibe chilichonse mwa zisanuzi chomwe chimapweteka. Kwa abambo ambiri, chizindikiro choyamba chomwe amachimva m'thupi ndi cha kuchipinda chomwechi.

Ndiye mukutanthauza kuti vuto la kuchipinda lingakhale chenjezo la matenda a mtima?

Inde, ndipo pa zonse zomwe ndalemba pano, iyi ndi yomwe ndikufuna mutenge. Mitsempha yopita ku chida ndi yaing'ono, mulifupi mwake milimita imodzi kapena ziwiri. Ya mtima ndi ya mamilimita atatu kapena anayi. Dzimbiri lomwelo likamamera m'mapaipi onse, paipi yaing'ono ndi yomwe imayamba kutsekeka. Kwa abambo ambiri omwe pambuyo pake amadwala mtima, vuto la kudzuka kwa chida limakhala litayamba zaka ziwiri mpaka zisanu m'mbuyomo.

Choncho bambo wa zaka 40 kapena 50 wa mimba yaikulu yemwe chida chayamba kufooka pang'onopang'ono ayenera kuyezetsa BP, shuga ndi mafuta a m'magazi, ngakhale akumva kuti ali bwinobwino. Anthu amaseka kuti uje "anagwa mu mpapaya," ndipo chifukwa cha manyazi munthu amangobisa, n'kumagula timapaketi pamsewu. Zaka zomwe akanateteza mtima wake zimathera momwemo.

Kodi ndingasiyanitse bwanji vuto la m'thupi ndi la maganizo?

Funso loyamba lomwe ndimafunsa ndi la m'mawa. Ngati chida chimadzuka bwinobwino mukamadzuka kutulo, koma chimakana mukakhala ndi mayi, mitsempha ndi homoni zikugwira ntchito, ndipo vuto lili ku nkhawa. Kuno nkhawa sizisowa: mapepala, lendi, ndalama zotumiza kumudzi, komanso munthu wakhala zaka ziwiri osaonana ndi mkazi wake ndiye tsiku lokumana mantha amugwira. Vuto la maganizo limayamba mwadzidzidzi ndipo limasinthasintha.

La mitsempha limabwera mozemba, miyezi kapena zaka, ndipo limakhalapo nthawi zonse, m'mawa momwe. La tesitositeroni limadziwika kwambiri ndi kutha kwa chilakolako chenichenicho. Munthu saganizirako n'komwe, kudzuka kwa m'mawa kumasowa, ndipo amakhala wotopa. Kunena zoona, mwa abambo onenepa zitatuzi zimasakanikirana. Thupi likakanika kawiri, mantha amalowapo n'kuwonjezera.

Ndikufuna kuyezetsa tesitositeroni. Ndichite bwanji kuti zotsatira zikhale zoona?

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezedwa. Homoni imeneyi imakwera m'mawa n'kutsika madzulo, ndipo imatsikanso munthu akangodya. Magazi atengedwe m'mawa, isanakwane 10 koloko, musanadye, mutagona bwino usiku, komanso musakudwala malungo kapena chimfine chachikulu. Zikatuluka zotsika, muyezetsenso tsiku lina. Muyezo umodzi sukwanira kunena kuti munthu ali ndi vuto. Alonda ndi ena ogwira ntchito usiku awauze adokotala, chifukwa wotuluka kuntchito 6 koloko m'mawa asanagone amaoneka wotsika ngakhale alibe vuto. Kwa iwo ndi bwino kuyezetsa atadzuka kutulo, pa masiku opuma.

Madokotala ambiri amawerenga chonchi: kupitirira 12 nmol/L ndi bwino, pansi pa 8 ndi potsika ndithu, ndipo pakati pa 8 ndi 12 ndi pokayikitsa. Abambo onenepa ambiri amagwera pakati pomwepo, ndipo pali chifukwa. M'magazi, mbali yaikulu ya tesitositeroni imayenda itanyamulidwa ndi puloteni yopangidwa m'chiwindi, yomwe papepala imalembedwa kuti SHBG. Insulini akachuluka, chiwindi chimapanga puloteniyi yochepa, ndiye chiwerengero chonse chimaoneka chotsika pomwe homoni yomasuka, yomwe imagwira ntchito, ili yokwanira. Dokotala wosamala amayeza SHBG kuti awerengere yomasukayo, ndipo ngati homoni yatsikadi amayezanso mahomoni ena awiri ochokera ku ubongo, LH ndi prolactin, kuti aone ngati vuto lili m'machende kapena ku ubongo.

BP ndi shuga mutha kuyezetsa pa kiliniki ya boma ya m'dera lanu, kapena m'zipinda za anamwino za m'mafamase akuluakulu ngati Clicks ndi Dis-Chem. Tesitositeroni kawirikawiri sayeza pa kiliniki yaing'ono. Pamafunika dokotala, kaya wolipira kapena wa kuchipatala chachikulu komwe kiliniki ingakutumizeni ndi kalata.

Mungatipatseko chitsanzo cha momwe zimayendera kwa munthu weniweni?

Ndikuuzani za bambo wina wa zaka 44, dalaivala wa galimoto yonyamula katundu, yemwe ndasintha zina ndi zina kuti asadziwike. Anabwera ndi pepala m'manja losonyeza tesitositeroni ya 7.8, akufuna jakisoni. Nditamufunsa, magaziwo anatengedwa 3 koloko masana atangodya kota. Msinkhu wake unali masentimita 170, kulemera makilogalamu 98. Anandiuza kuti amavala 38. Titazunguliza tepi, inawerenga 109. Anaigwira yekha tepiyo n'kuyezanso, kenako anangokhala phee.

BP inali 148/94, ndipo inabwerezanso chimodzimodzi tsiku lina. Shuga wa m'mawa anali 6.3, triglycerides 2.4, HDL 0.9. Zisanu zonse zinalipo. Tesitositeroni itayezedwa m'mawa asanadye inatuluka 10.2, kachiwiri 10.6, ndipo SHBG inali yotsika. Sanali munthu wofunika jakisoni.

Tinakhala pansi n'kuyenda naye tsiku lake lonse. M'mawa magwinya anayi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Masana kota ya tchipisi, poloni ndi soseji. M'galimoto botolo la malita awiri la chakumwa cha shuga lomwe limatha pofika madzulo. Usiku cha m'ma 9 koloko nsima mitanda inayi, kenako kugona. Loweruka ndi Lamlungu mabotolo akuluakulu a mowa ku chisanyama. Mkazi wake anawonjezera kuti bambowa amaliza mkonono koopsa, ndipo nthawi zina amasiya kupuma mpaka iye kuwagwedeza.

Sitinasinthe zonse tsiku limodzi. Choyamba chinali botolo lija. Tinawerenga limodzi pa chikalata chake. Chakumwa chikakhala ndi magalamu 10 a shuga pa mamililita 100, botolo la malita awiri lili ndi magalamu 200, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 50. M'malo mwake anayamba kuyenda ndi madzi. Chachiwiri, nsima inatsika kufika mitanda iwiri, ndipo theka la mbale linakhala masamba, ndi nyemba, mazira, nkhuku kapena usipa pambali. Chachitatu, magwinya analowedwa m'malo ndi mazira awiri owiritsa ndi chipatso. Ankayenda ndawala mphindi 30 madzulo masiku asanu pa sabata, ndipo kawiri pa sabata ankanyamula zigubu za madzi za malita asanu ndi kuchita zonyonyomala kuti minofu ibwerere. Dokotala anamuyambitsanso mankhwala a BP.

Miyezi iwiri yoyamba kuchipinda sikunasinthe kanthu, ndipo anatsala pang'ono kusiya. Mwezi wachinayi anandiuza kuti za m'mawa zayamba kubwerera. Patatha miyezi isanu ndi itatu anali makilogalamu 88, mimba 99, BP 132/84, shuga 5.5, tesitositeroni 13.1. Mkonono unachepa kwambiri. Mimba ya 99 ikadali yaikulu kwa munthu wa msinkhu wake, ndipo nthawi zina amagwiritsabe ntchito piritsi lothandiza kudzutsa chida lomwe dokotala anamulembera, koma tsopano piritsilo limagwira bwino, pomwe kale linkamukana.

Kodi aliyense akaonda amachira?

Ayi, si onse. Kafukufuku wodziwika bwino anachitika ku Naples m'dziko la Italy ndipo anasindikizidwa mu 2004. Anatenga abambo onenepa 110 a vutoli omwe analibe shuga kapena BP, theka la iwo n'kuwathandiza kusintha kadyedwe ndi kuchita zolimbitsa thupi kwa zaka ziwiri. Mwa omwe anathandizidwawo, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anabwerera mwakale popanda mankhwala. Ku mbali ya homoni, kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu kumakweza tesitositeroni ndi 2 kapena 3 nmol/L, zomwe kwa ena n'zokwanira kuwachotsa pa malo okayikitsa aja.

Amene amachira mosavuta ndi omwe ayamba msanga. Munthu yemwe wakhala ndi shuga wosalamulirika zaka khumi, mpaka mapazi kuchita dzanzi, mitsempha yake yomvera inawonongeka kale, ndipo kuonda kokha sikungabweze zonse. Amafunikabe kuonda chifukwa cha mtima ndi impso, koma za kuchipinda zidzafuna thandizo lina.

Bwanji osangobayitsa jakisoni wa tesitositeroni n'kuthana nazo?

Jakisoniyu ndi mankhwala abwino kwa munthu yemwe machende ake kapena ubongo wake walephera ndithu kupanga homoni, zitatsimikizidwa ndi miyezo iwiri pamodzi ndi zizindikiro. Kwa munthu yemwe homoni yatsika chifukwa cha mimba, pali zambiri zoganizira.

Ubongo ukaona homoni yochokera kunja, umasiya kulamula machende. Machende amachepa, ndipo mbewu ya abambo imatsika kwambiri, mwa ena mpaka kutheratu. Ikhoza kutenga miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, kuti ibwerere munthu atasiya. Ngati mukufunabe mwana, musabayitse. Ndaonapo banja likuvutika kufuna mwana, mayi akulozedwa chala ndi achibale, pomwe bambo akubayitsa mankhwala ogula kwa mnzawo ku jimu. Jakisoniyu amakhuthalitsanso magazi, n'chifukwa chake dokotala amayeza magazi ndi pulositeti, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, asanayambe komanso nthawi ndi nthawi, ndipo amaimitsa ngati muyezo wa kukhuthala kwa magazi, womwe papepala umalembedwa kuti haematocrit, wapitirira 54%. Komanso ngati vuto lili m'mitsempha ya magazi, homoni imangowonjezera chilakolako koma chida osasintha.

Nanga mapiritsi abuluu, khofi wa abambo ndi gondolosi?

Mapiritsi a sildenafil ndi tadalafil amagwira ntchito kwa ambiri, ndipo muno mu South Africa amafuna kalata ya dokotala. Sildenafil amamwedwa pafupifupi ola limodzi nthawi isanakwane, ndipo amachedwa kugwira ngati mwadya zamafuta kwambiri. Sadzutsa chida paokha popanda chilakolako. Musamwe ngati mumamwa mankhwala a kupweteka kwa pamtima a mtundu wa isosorbide kapena oika pansi pa lilime, chifukwa BP imagwa moopsa. Omwe akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir amafunika mlingo wochepa kwambiri, ndiye auzeni adokotala. Chida chikakhala chodzuka maola anayi osagona, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Makhofi, uchi ndi timapaketi togulitsidwa pamsewu ndi m'mashopu ang'onoang'ono, zolembedwa kuti n'zachilengedwe, zambiri zimapezeka zitathiridwa sildenafil yemweyo mobisa, pa mlingo wosadziwika. Kwa munthu wa mtima wofooka zimenezi n'zoopsa. Gondolosi wathu anthu amamukonda, koma satsegula mtsempha wotsekeka ndipo satsitsa shuga.

Ndinayamba kunenepa nditasinthidwa ma ARV. Ena akuti mankhwala a BP ndiwo amapha mphamvu. Ndisiye?

Musasiye nokha. N'zoona kuti anthu ena amanenepa pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Kafukufuku wa ADVANCE, yemwe anachitikira muno mu Johannesburg ndipo zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2019, anasonyeza zimenezi, makamaka mwa amayi. Koma mankhwalawa ndi amphamvu popondereza kachilombo. Chofunika n'kuyeza mimba, shuga ndi BP pomwe mukukatenga mankhwala, n'kuyamba kusamala kadyedwe msanga.

Pa za BP, mankhwala ena monga hydrochlorothiazide ndi atenolol amatha kufooketsa chida mwa abambo ena. Ngati vuto linayamba milungu ingapo mutayamba mankhwala atsopano, anenereni anamwino kapena adokotala mosabisa, chifukwa alipo ena omwe angakusinthireni. BP yosalamulirika imawononga mitsempha yomweyo kuposa piritsi lililonse, ndipo imabweretsa sitiroko.

Ndi liti pamene sindiyenera kungoti ndi mimba basi?

Ngati tesitositeroni yatsika kwambiri, pansi pa 5 kapena 6 nmol/L, mimba yokha kawirikawiri siifikitsa pamenepo, ndipo pafunika kufufuza chifukwa china. Chimodzimodzi ngati pali mutu wosatha pamodzi ndi kusaona bwino za m'mbali, mawere kutuluka mkaka, machende ang'onoang'ono kwambiri kapena chotupa pa tchende, kapena ngati munavulalapo kumeneko. Mankhwala opha ululu amphamvu monga tramadol ndi codeine akamwedwa nthawi yaitali amatsitsanso homoniyi, choncho atchuleni.

Ngati mumasiya kupuma m'tulo ndipo masana mumawodzera pa chiwongolero, nenani zimenezo, chifukwa vuto limeneli lili ndi chithandizo chake ndipo limakweza BP. Ndipo ngati mumamva kuthina pachifuwa kapena kubanika mukakwera masitepe a nyumba ziwiri zosanjikizana, kapena pa nthawi yogonana, musamwe piritsi lililonse la mphamvu ndipo musayambe kuthamanga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo akayeze mtima. Kupwetekako kukabwera muli chikhalire n'kupitirira mphindi zingapo, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi.